Walira mvula walira matope

Wamalonda aliyense amalira mvula, ndiye kuti makasitomala ochuluka. Matope ake ndi kaundula, ndipo ambiri amafuna kuwalumpha.

Taonani mayi wa golosale amene wagulitsa katundu wa K900,000 pa mwezi. Katunduyo anapikula pa K700,000, lendi ndi thiransipoti zadya K120,000. Phindu lenileni ndi K80,000 basi. Koma ngati tsiku lililonse amatapa K3,000 m'kabati kugulira ndiwo osalemba, pakutha pa masiku 30 watenga K90,000. Wadya phindu lonse, walumako ndi mpamba womwe. Chizindikiro chake n'chakuti mashelefu akupepuka pamene iye akuti malonda akuyenda. Ine ndimaona kuti ndalama zotapa mwakachetechetezi n'zimene zimagwetsa magolosale ambiri, kuposa ngongole za anansi.

Ku MRA nakonso matope alipo. Pa msonkho wowerengera phindu, zimene munawononga pa bizinesi zimachotsedwa ngati pali umboni. Lisiti la kopikula likatayika, mawu apakamwa sakwanira, ndipo akhoza kukuyerekezerani okha msonkho woposa woyenera. Malisiti ambiri amafufutika inki pakapita miyezi, choncho ajambuleni pa foni tsiku lomwelo.