Nkhope Yomwetulira, Lamya Yachete

Ku Actonville, dera la mzinda wa Benoni limene boma latsankho linapatulira amwenye, kuli Amalawi ogwira ntchito m'masitolo ndi m'makomo. Tiyerekeze kuti mnyamata wina kumeneko wakonda mtsikana wolera ana pakhomo la eni. Akakumana Lamulungu, mtsikanayo amaseka naye, kumufunsa za kumudzi, ndi kumuperekeza mpaka pamsewu wolowera ku Wattville. Koma uthenga wa Lolemba amauyankha Lachinayi. Kodi mnyamatayu akhulupirire nkhope kapena lamya?

Mboni ziwirizi n'zosadalirika zonse. Ife tinaleredwa kuti munthu sakwinyira mnzake nkhope, makamaka kuchilendo kumene chinenero chokha chimasandutsa anthu abale. Choncho msangala ungakhale chikondi, komanso ungakhale ulemu chabe.

Nako kuchedwa kuyankha kuli ndi zifukwa zambiri. Makolo athu amene ankapita ku migodi ya ku Joni ndi Wenela ankadikira kalata kwa milungu, koma sankati anyozedwa. Ife tinasokonezeka mu 2014, pamene WhatsApp inayamba kuonetsa tizizindikiro tabuluu tosonyeza kuti uthenga wawerengedwa. Komatu kachizindikiro kamodzi kamangotanthauza kuti uthenga sunafike. Mwina lamya yazima kapena intaneti yamuthera. Ngakhale tabuluuto timangonena kuti maso aona. Sitinena kuti manja ali m'madzi ochapira, kapena kuti abwana amaletsa lamya pantchito.

Nanga choonadi chipezeka kuti? Chili m'zimene yankho lanyamula, osati m'liwiro lake. Mnyamatayo aleke kulemba kuti "Mwadzuka bwanji?" tsiku ndi tsiku, chifukwa moni wotere sufuna chisankho. Alembe funso lotchula tsiku ndi malo: "Kodi tingaonane Lamulungu masana m'tauni ya Benoni?" Wotanganidwa koma wofuna amayankha tsikulo lisanafike, ndipo ngati sangathe amatchula yekha tsiku lina. Wokana mwaulemu amati "Tiona," kapena amayankha Lolemba tsiku litadutsa. Kamodzi si umboni. Zikachitika katatu, yankho laperekedwa.

Apa pali mangawa mbali zonse. Wodikira alibe ufulu wolamula nthawi ya mnzake, ndipo kuwerengera munthu maola ndi kumusandutsa wamlandu asanalakwe. Koma naye wochedwayo, ngati akudziwa kuti mtima wake suli pamenepo, akulakwa posunga mnzake ndi kumwetulira kwa Lamulungu. Ulemu woopa kunena kuti "ayi" umadya miyezi ya munthu amene anasiya kwawo kudzasaka moyo.

Akulu anati safunsa anadya phula. Popeza mtsikanayo amamasuka pamaso, funso lenileni lifunsidwe pamaso pomwepo, mofatsa, ndipo wofunsayo akhale wokonzeka kulandira yankho lililonse.