Mnzako wa dzulo akayamba kuchedwa ku ntchito

Munthu akamalongedwa ufumu, akuluakulu amayamba amulowetsa m'nyumba kukamulangiza. Zambiri zimene amamuuza zimakhudza khalidwe lake: asamaledzere pagulu, asamaweruze mlandu panjira kapena ali yekha, asamakondere abale ake pabwalo. Amatero podziwa kuti anthu amene akawalamulire ndi omwewo amene anakula nawo, odziwa zofooka zake, nayenso akudziwa zawo.

Malangizo omwewa ndi ofunika kwa mphunzitsi amene wakwezedwa kukhala mphunzitsi wamkulu pasukulu yomwe wakhala akuphunzitsa. Tiyerekeze kuti mnzake wapamtima, amene ankadya naye chimanga chootcha pa buleki, wayamba kufika ana atalowa kale m'kalasi, koma m'buku losainira akulemba 7 koloko. Aphunzitsi ena onse akuona, ndipo ali chete dala kuti aone chimene ahedi atsopanowo achite.

Apa anthu amagwa m'njira ziwiri. Wina amangoyang'ana kumbali poopa kumva kuti "mpando wakusinthani." Sipapita nthawi, ena nawonso amayamba kuchedwa, ndipo akafunsidwa amatchula dzina la mnzake uja. Wina amamukalipira pamsonkhano wa aphunzitsi kuti aonetse kuti sakondera. Kwa ine uku ndiye kulakwa kwakukulu, chifukwa wachititsa manyazi munthu pofuna kuyeretsa dzina lake. Chizindikiro chake n'choti akalowa mu ofesi ya aphunzitsi macheza amangoti zii, ndipo nkhani za pasukulu amazimva mochedwa, kwa makolo.

Mwambo umati ayambe kumuitanira pambali, awiriwiri, pa nthawi ya ntchito osati kumowa. Amulankhule mwaulemu, "Aphunzitsi, Lolemba ndi Lachitatu munafika ana a Sitandade 5 atakhala okha phunziro loyamba lonse. Chavuta n'chiyani?" Kenako amvetsere, pakuti mwina kunyumba kuli matenda, ndipo kusinthanitsa maphunziro pandandanda kungathetse vutolo. Zikabwerezeka, aitane wachiwiri wake akhalepo, monga mfumu imakhalira ndi nduna zake, ndipo zimene agwirizanazo zilembedwe. Zikakanikabe m'pamene nkhani ipite kwa mlangizi wa maphunziro wa zoniyo, mwini wakeyo atauzidwiratu kuti ikupita.

Pali chinthu china chimene akuluakulu amachitsindika kwambiri. Zimene mnzako anakuuza muli ofanana, za ngongole zake kapena za masiku amene ankathawa kukagulitsa ku msika, si umboni woti uugwiritse ntchito lero. Anakuuza monga mnzake, sanauze ahedi. Mlandu uyambire pa zimene waona ndi maso ako chikhalireni pampando. Ukangotulutsa chinsinsi chakale kamodzi, aliyense amene anakuululirapo kanthu amayamba kukuopa, ndipo naye amakumbuka masiku amene iwe unkalemba 7 koloko utafika 8.