Khutuba ya Lachisanu: Zofuna Zinayi, Thumba Limodzi

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mwini kugawa riziki kwa akapolo ake mwa muyezo umene wafuna. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake Muhammad, pa akubanja kwake ndi pa maswahaba ake onse. Abale ndi alongo athu m'Chisilamu, tikulangizana poyamba kumuopa Allah, pakuti pa tsiku la chiweruzo aliyense adzafunsidwa za chuma chake, kumene adachipeza ndi kumene adachipititsa.

Tiyerekeze mnyamata wa muno mu Lichinga amene amathandiza pa sitolo ya malume ake. Wasunga mametikali 15,000, ndipo mwezi uliwonse amakwanitsa kuika padera 2,000. Mtima wake uli pa zinthu zinayi. Akufuna foni yamakono ya 9,000. Akufuna kosi ya zamagetsi ya miyezi isanu ndi umodzi, yolipira 12,000, ndi zida zake za 6,000. Akufuna ukwati wa phwando lalikulu wa 60,000, komanso malo omangapo nyumba, amene timati tereno, a 40,000. Pamwamba pa izi ali ndi ngongole ya 3,000 kwa mnzake. Mitengoyi taiika ngati chitsanzo chabe, koma ikaphatikizidwa ikukwana 130,000. Pa kasungidwe kake, mnyamatayu adzadikira pafupifupi zaka zisanu. Ndipo akagawa 2,000 yake panayi, chilichonse chizilandira 500 pa mwezi, chaka chidzatha alibe ngakhale chimodzi. Makolo athu adati ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Maulama a Chisilamu, monga Imamu Al-Ghazali ndi Imamu Ash-Shatibi, adagawa zofunika za munthu m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi dharuriyati, zimene zikasowa chipembedzo, moyo, nzeru, mtundu kapena chuma zimaonongeka. Lachiwiri ndi hajiyati, zimene zikasowa moyo umapitirira koma movutikira. Lachitatu ndi tahsiniyati, zokometsera chabe. Chinsinsi cha muyezo umenewu nchakuti chinthu chimodzi chimatha kukhala ndi phata lake m'gulu loyamba, koma zovala zake zili m'gulu lachitatu. Choncho tisanafunse kuti chiyambe nchiti, tizivula kaye chofuna chilichonse zokometsera zake, tione chimene chatsala.

Ukwati ukavulidwa motero, chotsala ndi nikaha: kuvomereza kwa mkazi, waliyi wake, mboni ziwiri ndi mahari, kenako walima molingana ndi mphamvu ya munthu. Holo yobwereka, mndandanda wa magalimoto ndi chitenje chofanana cha mudzi wonse, palibe chimodzi chimene Shariya idalamula. Tiyerekeze mahari a 5,000 ndi walima wa mbuzi imodzi ndi mpunga wa 10,000. Ukwati wa 60,000 uja watsika kufika pa 15,000, ndipo 45,000 yopulumukayo ikuposa mtengo wa tereno. Foni nayo ikavulidwa, chotsala ndi kuimba, kulandira mauthenga ndi kutumiza ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola, ndipo zonsezi foni yake yakale ya mabatani ikuchita kale.

Tsopano tiyale mzere. Choyamba ndi ngongole ya 3,000, chifukwa ndalama imeneyo si yake. Mtumiki wathu adatcha kuti nkupondereza ngati munthu wokhala nacho achedwetsa kubweza. Yatsala 12,000, ndipo imeneyo ipite ku kosi, pakuti mwa zinayi zija ndiyo yokha imene ingabereke ndalama zogulira zinazo. M'miyezi isanu ndi umodzi ya maphunziro asunga 12,000 ina. Agule zida za 6,000, atsale ndi 6,000. Miyezi ina isanu impatsa 10,000, ndipo pa mwezi wa 11 ali ndi 16,000, yokwana nikaha ndi walima popanda kukongola, ngakhale malipiro ake atakhala kuti sanakwere nkomwe. Pambuyo pake ayambe kusungira tereno, podziwa kuti banja limadya ndipo kusunga kudzachepa ngati luso lija silibweretsa ntchito. Foni ibwere komalizira.

Umu ndi momwe adayendera swahaba Abdurahmani ibn Awf. Atafika ku Madina wopanda kanthu, m'bale wake wa Chianswari, Saad ibn Rabi, adamulonjeza theka la chuma chake. Iye adakana mwaulemu, napempha kuti angomulozera msika. Adayamba malonda, kenako adakwatira ndi mahari a golide wolemera ngati njere ya tende, ndipo Mtumiki adamuuza kuti achite walima ngakhale ndi nkhosa imodzi. Msika udayamba, nikaha idatsatira, phwando lidali la muyezo wake.

Tikupempha chikhululuko kwa Allah, ife ndi inu, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachifundo.

Khutuba yachiwiri

Kutamandidwa ndi kwa Allah, madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake. Abale athu, mzere tayalawu si wa munthu aliyense. Mnyamata amene akuona kuti watsala pang'ono kugwa m'chiwerewere, kwa iye nikaha yakwera kufika m'gulu loyamba, pakuti chipembedzo chake chili pangozi. Ameneyo, ngati angathe kudyetsa mkazi ndi kumpezera pogona, akwatire kaye ndi 12,000 yotsala ija, kosi idikire. Shariya imalola kuti gawo la mahari liperekedwe pambuyo ngati mkazi wavomera. Amene sangathe nkomwe, Mtumiki adamulozera kusala kudya. Ndipo inu makolo, mukakweza zofuna za phwando mpaka mnyamata kuthawa, dziwani kuti mwatseka khomo la halali, ndipo mlandu wa zotsatira zake mudzagawanako.

Kosi nayo ili ndi mayeso ake. Musanalipire, pezani anthu awiri kapena atatu amene adaimaliza, muwafunse ngati akudya za luso limenelo. Ngati onse akhala pakhomo ndi chikalata m'sutukesi, kosi imeneyo yatsikira m'gulu la zokometsera. Momwemonso, kwa mayi wogulitsa nsalu amene makasitomala ake amasankha poona zithunzi, foni yamakono ndi chida cha ntchito, ndipo ikhoza kuyamba.

Pa tereno pamafunika kuleza mtima koposa. M'dziko lathu la Mozambiki nthaka ndi ya Boma, ndipo lamulo la za malo la 1997 sililola kuigulitsa. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, wotchedwa DUAT. Choncho kapepala kolembedwa pamanja sikakwanira. Funsani kwa mfumu, kwa sekeretariyo wa bayiro, kwa oyandikana nawo ndi ku ofesi ya khonsolo ya mzinda, kuti mudziwe ngati malowo alibe mwini wina. Wokuuzani kuti mulipire lero chifukwa mawa kukubwera wina, muchenjere naye.

Pomaliza, tisadumphe mzere ndi ngongole ya riba. Wotenga 20,000 kwa wakatapila kuti abweze 26,000 pa mwezi umodzi wataya kusunga kwa miyezi itatu, ndipo walowa m'tchimo limene Allah adaliletsa mwamphamvu mu Surat Al-Baqara. Ngati mukufuna ndalama yochuluka nthawi imodzi, chipereganyu chimene timati shitiki nchololedwa kwa maulama ambiri, malinga aliyense alandira ndendende zimene adasonkha. Lembani mayina, masiku ndi ndalama zake pamaso pa mboni, monga ndime 282 ya sura yomweyo ikutilangizira pa nkhani ya ngongole. Madzulo ano aliyense atenge pepala, alembe zofuna zake ndi mitengo yake, avule zokometsera, asankhe chimodzi choyamba nacho.

E Allah, tidalitsireni riziki lathu, tikwaniritseni ndi zahalali, apeputsireni achinyamata athu njira ya nikaha, ndipo mutiteteze ku goli la ngongole. Amina. Imirirani tipemphere.