Kupempha mphunzitsi kuti asinthe nthawi ya pulezentesheni

Mwana wokulira ku Bembeke kapena kwa Kasumbu amaphunzitsidwa kuti wamkulu akalankhula sayankhidwa. Malangizowa ndi abwino, koma ambiri amawamva theka. Akafika ku koleji, monga ya zankhalango ndi nyama zakutchire ku Chongoni kapena ya aphunzitsi ya St Joseph's ku Bembeke, amaganiza kuti ulemu ndi kukhala chete. Akaona kuti nthawi ya pulezentesheni yawombana ndi phunziro lina, amangosunga mumtima mpaka tsiku lifike, kenaka n'kujomba kumodzi, malikisi n'kupita. Akuluakulu omwewo adatinso mbewa ya manyazi idafera kuuna. Mwambo suletsa kupempha, umangoika njira yake.

Tiyerekeze kuti mtsikana wa chaka chachiwiri wapatsidwa Lachinayi nthawi ya 10 koloko m'mawa kuti akafotokoze ntchito yake pamaso pa kalasi. Nthawi yomweyo kosi ina imene akubwereza ili ndi phunziro la kumunda, kunazale ya mitengo, komwe amaitana maina ndi kupereka malikisi. Asanapite kwa aliyense, ayang'ane taimutebulo ya koleji. Phunziro lomwe lili pamenepo ndi lovuta kulisuntha chifukwa likukhudza kalasi yonse, pomwe pulezentesheni ya mphindi 15 ikhoza kusinthidwa popanda kuvutitsa anthu ambiri. Choncho wopemphedwa ndi mphunzitsi wa pulezentesheniyo.

Apite tsiku lomwe waona vutolo. Pempho la Lolemba limamveka ngati la munthu wadongosolo, koma la Lachitatu madzulo mphunzitsi aliyense amalimva ngati la munthu amene sadakonzeke. Ndipo asapite chimanjamanja. Apa pafunika kumvana bwino, chifukwa kumudzi kunyamula nkhuku popita kwa amfumu ndi ulemu, koma ku koleji kathumba ka mbatatesi kapena mayunitsi a foni ndi ziphuphu basi. Chonyamula chake ndi yankho: apeze mnzake wa Lachiwiri amene wavomera kusinthana naye, amudziwitsenso repu wa kalasi, poti mndandanda nthawi zambiri umakhala kwa iyeyo. Ngati n'kotheka apemphe nthawi yoyambirira osati yam'mbuyo. Wopempha kuti ayambe msanga palibe angamuganizire ulesi.

Pakhomo la ofesi aodire, adikire kuuzidwa kuti alowe, apereke moni. Kugwada si kofunika, kunjuta pang'ono kapena kugwira manja pamodzi kwakwana. Mphunzitsi ali ndi ophunzira ambiri, ndiye adzitchule dzina ndi chaka chake, kenaka anene mwachidule: "Pepani Madamu, ndabwera ndi pempho. Mwandiika Lachinayi 10 koloko, koma nthawi imeneyo ndili ndi phunziro la kunazale la kosi imene ndikubwereza. Mnzanga wa Lachiwiri wavomera kuti tisinthane. Ngati mungalole, ndingayamike." Mawu akuti "ngati mungalole" ndi amene amasiya chiweruzo m'manja mwa mwini wake. Kunena kuti "tasinthana kale" ndi kumuuza wamkulu zochita, ndipo ena amakana pa chifukwa chokhacho.

Pali zinthu ziwiri zimene zimawononga pempho labwino. China ndi kuyerekeza makosi, kunena kuti inayo ndi yovuta kapena kuti Sala akumeneko ndi aukali. Aphunzitsiwo amamwa tiyi limodzi, mawuwo adzafika ndithu. China ndi bodza la maliro. Ophunzira amalikonda poti palibe Mmalawi angakanize munthu kupita kumaliro, koma agogo athu ankati kutchula imfa ya munthu wamoyo ndi kuitana malaulo. Ngakhale amene sakhulupirira zimenezo aganizire izi: maliro enieni akadzagwa, adzapita ndi nkhope yanji ku ofesi yomweyo?

Akavomera, athokoze ndipo alembe kauthenga kafupi kotsimikiza tsiku ndi nthawi yatsopano, masana osati usiku, adziwitsenso repu uja. Zapakamwa zimaiwalika.

Akakana, asakangane nawo. Athokoze, apite kwa mphunzitsi wa kosi inayo kukafunsa ngati angalowe m'gulu lina la kunazale. Onse awiri akakana, m'pamene angapite kwa mkulu wa dipatimenti, atawauza kaye eni ake kuti akupita kumeneko. Mlandu wa m'mudzi suyambira kwa Inkosi Kachindamoto, umayamba kwa nyakwawa, n'kupita kwa gulupu. Wolumpha makwerero akhoza kupeza nthawi imene akufuna, koma atsala ndi mphunzitsi amene wachititsidwa manyazi pamaso pa bwana wake, ndipo ndi yemweyo adzachonge mayeso kumapeto kwa semesita.

Inu makolo ndi anamkungwi amene mukulangiza ana opita ku koleji, musamangowauza kuti azikalemekeza aphunzitsi. Aphunzitseninso kapemphedwe.