Pamene Bwalo Likaniza Boma

Mu Epulo 2020, mliri wa korona utafika m'dziko muno, nduna ya zaumoyo, a Jappie Mhango, inalengeza kuti anthu onse abindikire m'nyumba masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo. Ndipo aliyense wodziwa moyo wa m'minda ya tiyi ku Thyolo, kumene munthu amadya thukuta la tsiku lomwelo, ndi kumene mayi wogulitsa nthochi pa Bvumbwe alibe nkhokwe ina koma dengu lake, anazindikira kuti lamuloli likanatsekera njala m'nyumba pamodzi ndi ana. Pa 17 Epulo, mayi Esther Kathumba ndi anzawo atadandaula, woweruza wa Bwalo Lalikulu, a Kenyatta Nyirenda, anapereka chiletso.

Ambiri anang'ung'udza kuti woweruza wadziyesa sing'anga. Ine ndikana ndithu, pakuti bwalo silinafunse ngati kubindikira kumaletsa matenda kapena ayi. Funso limenelo eni ake ndi madotolo ndi nduna. Pounika chiganizo cha boma, monga gawo 108 la malamulo oyendetsera dziko limaloleza, bwalo limafunsa ngati wolamulayo anapatsidwa mphamvu imene wagwiritsa ntchito, ngati anayenda m'njira yoikika, ndiponso ngati chimene walamula chikugwirizana ndi zifukwa zimene wapereka, pakuti gawo 43 limapatsa munthu ufulu wolandira zifukwazo zolembedwa.

Oweruza atatu atamva mlandu wonse, anagamula mu Seputembala chaka chomwecho kuti malamulo a m'bindikiro anasemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Kutsekera mtundu wonse, kuuletsa kuyenda ndi kufuna chakudya, si kuchepetsa ufulu chabe koma kuuimitsa. Ndipo khomo lochitira zotere ndi limodzi, la gawo 45, limene limafuna kuti Pulezidenti alengeze kuti dziko lili pa chiopsezo chachikulu, komiti ya aphungu yoona zachitetezo itavomereza. Boma la a Peter Mutharika, mwana wa ku Thyolo komweko, silinalowere pakhomo limenelo, koma linakwerera kwina, potsamira lamulo la zaumoyo limene silinapatse nduna ulamuliro waukulu chotero. Cholinga chikhoza kukhala choyera, koma ndodo inali ya mwini.

Komatu wothyola tiyi asayese kuti bwaloli ndi mankhwala a nthenda zonse. Kapitao akamudula makilo, kapena esiteti ikamuchotsa ntchito, njira iyi njotseka, chifukwa kampani si boma. Apite ku bwalo la milandu ya apantchito. Koma bwanamkubwa kapena nduna ikalamula za malo ake osamumva, apo mpoyenera kudandaula. Ndipo ngakhale makolo athu amati mlandu suola, pano umaola ndithu: wodandaula ayambe wapempha chilolezo cha bwalo isanathe miyezi 3, nthawi imene ine ndiiona yochepa kwambiri kwa munthu wa ku Thekerani amene sanaonepo loya chibadwire.