Ukadina batani la Easy Apply, kakalata kotsatira kazikhala kotani?

Mphwanga, batani lija la Easy Apply la pa LinkedIn limakusangalatsa chifukwa sulemba kalikonse. Udina, usankha CV imene unaikamo kale, uyankha mafunso awiri kapena atatu, basi pempho lapita. Komatu kufewa kumene iwe ukukondwera nako akukondwera nakonso anzako onse amene aona ntchito yomweyo. N'chifukwa chake pansi pa dzina la ntchito umapeza mawu akuti Over 100 applicants tsiku lisanathe n'komwe. Ndikufuna ndikulangize za kakalata kamodzi kakafupi kamene ungatumize kwa wolemba ntchitoyo utatha kudina, chifukwa ambiri sakalemba, ndipo mwa amene amalembawo ambiri amakaononga.

Yamba wadziwa chimene chimafika kwa iye. Amaona dzina lako, chithunzi, mzere umodzi uja uli pansi pa dzina, CV ndi mayankho ako a mafunso aja. Nthawi zambiri sipakhala malo olembapo kalata yofotokoza chifukwa chake ukuyenera ntchitoyo. Mafunsowo si ocheza ayi. Wolengeza ntchito angathe kuuza makina kuti funso lakutilakuti ndi lofunika zedi, ndipo aliyense amene yankho lake silikufika pa mlingo aikidwe pambali munthu asanamuone. Ngati funso linali lakuti wagwira zaka zingati ntchito ya akaunti, iwo akufuna zitatu, iwe n'kulemba 2, pempho lako lingagone m'gulu la okanidwa popanda maso a munthu kuligwera. Chinanso n'chakuti ukangotumiza, sungakonzenso kapena kubweza. Ukazindikira kuti unaika CV yakale, njira yokha yotsala ndi kulankhula ndi munthu. Kudina batani kuli ngati kuponya kalata pampanda n'kumapita. Kakalata kotsatira ndiko kuima pachipata n'kunena kuti odi.

Funso loyamba ndi lakuti odiyo ukumuuza ndani. Pa malonda ambiri a ntchito, ukatsikira m'munsi, pamakhala kagawo kotchedwa Meet the hiring team, pamene pamaoneka munthu amene waika ntchitoyo. Ameneyo ndiye woyamba kumulembera, chifukwa anadziika yekha poyera ndipo sangadabwe kulandira uthenga. Kagawoko kakapanda kuoneka, pita pa tsamba la kampaniyo, dina People, ufufuze mkulu wa dipatimenti imene ikufuna munthu. Ntchito ikakhala ya akaunti, funa mkulu wa zachuma. Ikakhala yoyang'anira katundu, funa mkulu wa nkhokwe kapena wogula katundu. Iyeyu ndi amene akuvutika chifukwa cha mpando wopanda munthu, ndi amene akutsala mu ofesi mpaka usiku kugwira ntchito ya anthu awiri. A ofesi yoona za ogwira ntchito amasanja mapempho, koma amene mutu ukumupweteka ndi mwini dipatimenti. Usalembere mkulu wa kampani yonse pa ntchito ya ukalaliki, ndiponso usatumize uthenga umodzimodzi kwa anthu asanu a pamalo amodzi. Amakhala m'maofesi oyandikana, amamwera tiyi limodzi, ndipo dzina lako lidzasanduka nthabwala ya tsikulo.

Pali chinthu china chimene uyenera kuwerenga usanalembe. Malonda ena amanena mosabisa kuti wolankhula ndi aliyense pofuna kukonderedwa adzachotsedwa pa mndandanda. Mawu otere ndi ofala m'ntchito za boma, m'makampani a boma ndi m'mabungwe akuluakulu. Ukawaona, usalembe chilichonse. Kumeneko kakalata kabwino kangakuchotsetse, ndipo sadzakuuza chifukwa.

Tsopano titenge nkhani yongoyerekeza kuti uone mmene zimakhalira. Tinene kuti kampani yogulitsa katundu wa pikulitsa ku Kanengo ikufuna wothandizira za akaunti. M'malonda alemba kuti munthuyo akhale ndi dipuloma, adziwe Sage, ndipo azikonza malipoti a msonkho wa mwezi ndi mwezi. Iwe uli ndi dipuloma ya ICAM, ndipo wagwira zaka ziwiri pa kampani yaing'ono pamene unkachita zonse wekha. Wadina batani Lolemba madzulo. Lachiwiri m'mawa, khalanso pansi uwerenge malondawo katatu, ufune chinthu chimodzi chimene chikuwasowetsa tulo. Si dipuloma, popeza aliyense wofunsira ali nayo. Ndi malipoti a msonkho. PAYE imayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, VAT pofika pa 25, ndipo kuchedwa kuli ndi chindapusa. Mkulu wa zachuma akufuna munthu amene sadzafunika kumukumbutsa madeti amenewa. Ngati iwe unkachitadi zimenezi, umenewo ndiwo umboni wako, ndipo batani silinaunyamule bwino, chifukwa mu CV wabisala pa tsamba lachiwiri.

Ngati simunalumikizane kale ndi munthuyo, njira yaulere ndi kudina Connect kenako Add a note. Malo ake ndi ochepa: pa akaunti yaulere ndi zilembo 200, kuwerengera ndi mipata yomwe, ndipo olipira amapatsidwa 300. Akaunti yaulere imaloledwanso timakalata totere towerengeka chabe pamwezi, choncho usamatimwaze pa ntchito iliyonse. Sungira ntchito imene ukuikwanitsadi. Udzalemba m'chilankhulo cha malondawo, chimene nthawi zambiri ndi Chingerezi, koma mfundo yake ikhale yonga iyi:

"Moni a Uje. Ndafunsira ntchito ya wothandizira za akaunti Lolemba pa Easy Apply. Ndakhala zaka 2 ndikukonza malipoti a PAYE ndi VAT pa Msonkho Online. Ndingakondwe mutaona CV yanga."

Taona zimene zilimo. Muli dzina lake, osati "kwa amene zikumukhudza". Muli dzina la ntchito monga mmene analilembera iwo, chifukwa mwina alengeza ntchito zinayi nthawi imodzi. Muli tsiku ndi njira imene unafunsira, kuti akafuna kukupeza m'mulu uja asavutike. Muli umboni umodzi wokhala ndi nambala komanso dzina la chinthu chenicheni, umene angathe kukufunsa pa intavyu n'kudziwa msanga ngati ukunama. Ndipo pempho lake ndi lopepuka, loti angalichite m'mphindi imodzi ali pa foni. Sunapemphe ntchito, sunapemphe kukumana, wangopempha kuti atsegule CV.

Taonanso zimene mulibe, pakuti apa ndi pamene ana ambiri abwino amagwera. Ife tinaleredwa kuti sungayambe nkhani ndi wamkulu usanamufunse mmene wadzukira ndi mmene aliri kunyumba, ndipo ndi mwambo wabwino. Koma m'zilembo 200, moni wautali amadya malo a umboni. Choipa kwambiri ndi kutumiza "Moni bwana" yekha n'kudikira kuti ayankhe kaye. Munthu wotanganidwa sayankha moni wa mlendo amene sakudziwa chimene akufuna. Mulibenso madandaulo. Ndikudziwa kuti lendi ikukudikira ndipo ang'ono ako akufuna fizi, koma ukalemba kuti "chonde ndithandizeni, ndavutika", wamusenzetsa katundu wako munthu amene amafuna womupepuzira wake. Mawu akuti "ntchito iliyonse ndigwira" nawonso amamveka ngati kudzichepetsa, koma kwa iye akutanthauza kuti ntchito yakeyi sunaiganizire. Ndipo usatchule kuti ndinu a boma limodzi kapena mpingo umodzi. Wolemba ntchito woona mtima akaona zimenezo amayamba kukuopa, poganiza zimene anzake adzanene akakusankha.

Nanga zaka zija, ngati akufuna zitatu iwe uli ndi ziwiri? Usaname pa funso la batani, chifukwa CV yako yomwe idzakutsutsa. Lemba zoona, kenako kakalata kachite ntchito yake. Nena poyera kuti zaka ndi ziwiri koma unali wekha mu ofesi ya akaunti, kuyambira kulemba ma invoisi mpaka kutseka mabuku a mwezi. Makina sangathe kuyeza zimenezo, koma mkulu wa zachuma amadziwa kusiyana kwa zaka ziwiri zotere ndi zaka zisanu zongodinda mapepala.

Usanatumize, tsegula tsamba lako ulione ndi maso a mlendo, chifukwa chinthu choyamba chimene iye adzachite ndi kudina dzina lako. Ngati kakalata kakunena za PAYE ndi VAT koma tsambalo silitchula kumene unagwira ntchito, kapena madeti ake akusiyana ndi a mu CV, wadziitanira wekha mboni yokutsutsa. Chithunzi cha ku ukwati chimene phewa la mnzako likuonekera m'mbali, chichotse.

Za nthawi, tumiza tsiku lotsatira kapena pasanathe masiku awiri, m'maola a ntchito, mulu usanasanjidwe. Ukadikira milungu iwiri, mwina mayina a oitanidwa atuluka kale. Ukatumiza, dekha. Pa mndandanda wa ntchito zimene wafunsira, pansi pa Applied, nthawi zina pamaoneka mawu akuti Application viewed kapena Resume downloaded. Oyambawo akungonena kuti wina watsegula pempho lako, mwina kwa kanthawi kochepa chabe. Achiwiriwo ndi abwinoko pang'ono, popeza wina watenga CV yako, koma si kuitanidwa. Kusaoneka kwa mawuwa sikutanthauzanso kuti wakanidwa, chifukwa makampani ena amalandirira mapempho m'makina awoawo amene sabweza uthenga umenewu.

Akavomera kulumikizana nawe koma osanena kanthu, tsopano ungamulembere uthenga wautaliko kwaulere. Thokoza m'chiganizo chimodzi, ndipo ngati unaika CV yolakwika, apa ndi pomangirira yoyenera n'kunena kuti ilowe m'malo mwa ija. Pakatha sabata imodzi kapena masiku khumi kuli zii, ungafunse kamodzi ngati kusankha kukupitirira. Kamodzi kokha. Uthenga wachitatu sumuchititsa kukufuna, ndipo kufufuza nambala yake ya foni n'kumuimbira pa WhatsApp usiku kumatseka chitseko chimene mwina chinali chikadali chotsegula. Malonda akalembedwa kuti No longer accepting applications, sizikutanthauza kuti asankha kale, angosiya kulandira atsopano, ndiye funso lako limodzi lija likadali ndi malo.

Yankho likabwera mofulumira modabwitsa, liwerenge mosamala. Wina akakuuza kuti wasankhidwa popanda intavyu, koma utumize kaye ndalama ya fomu, ya kuchipatala kapena ya yunifolomu pa Airtel Money kapena Mpamba, ameneyo si wolemba ntchito. Yang'ana ngati tsamba lake likuonetsa kuti amagwiradi pa kampaniyo, ngati imelo yake ili ndi dzina la kampani, ndipo ukakayika, imbira ku ofesi yawo pa nambala imene wadzipezera wekha, ufunse ngati ntchitoyo ilipodi.