Lembera banki tsiku lobweza ngongole lisanakwane

Mwana wanga, wandiuza kuti chigayo chako chayamba kukhala chete pomwe ngongole ya kubanki ikudikira. Sizachilendo. Kuyambira Januwale mpaka Malichi nkhokwe zimakhala zitauma, ndipo amene ankabwera ndi thumba amabwera ndi kabeseni. Koma banki siwerenga nyengo, imawerenga masiku.

Choyamba, lembera banki imelo yopempha nthawi yoonjezera kudakali milungu iwiri kapena itatu tsiku lobweza lisanafike. Wopempha asanaphonye amamuona ngati munthu wodziwa bizinesi yake. Ukayamba waphonya, chindapusa chimalowa, dzina lako limapita ku mabungwe osunga mbiri ya ongongola, ndipo mawa ngakhale banki ina ikhoza kudzakukaniza. Usazimitse foni, usabisale.

Lembera ofisala amene anakuthandiza potenga ngongoleyo. Pamutu pa imelo ika dzina lako ndi nambala ya ngongole, kuti asavutike kukufufuza.

Tsono apa tchera khutu. Usangolemba kuti “zinthu zavuta, ndithandizeni.” Ofisalayo akakapereka pempho lako kwa akuluakulu ake, akafuna manambala. Tiyerekeze kuti kwatsala K3,000,000, umabweza K400,000 pamwezi, ndipo chiwongoladzanja chake ndi K90,000 pamwezi. Lemba kuti: “Ndikupempha kuti mu Januwale, Febuluwale ndi Malichi ndizilipira chiwongoladzanja chokha, K90,000. Kuyambira kumapeto kwa Epulo, anthu akayamba kukolola, ndibwerera pa K400,000. Ngongole ithe mu Disembala m’malo mwa Seputembala.” Pamenepo wawapatsa chinthu choti avomere.

Tumizanso umboni: sitetimenti ya kubanki, ya Airtel Money kapena Mpamba, ndi zithunzi za buku lako la chigayo la chaka chatha. Aone okha kuti ndalama zinatsika mu Febuluwale n’kukweranso mu Meyi. Ndi bukulo limene lidzasonyeze kuti vuto ndi nyengo, osati kuti bizinesi ikufa. Usakometse manambala, poti akaunti yako akuiona.

Dziwanso kuti nthawi yoonjezerayo si mphatso. Pa miyezi itatuyo ulipira K270,000, koma K3,000,000 ija ikhala ili chomwecho osatsika. Afunse ngati pali ndalama yolipira posintha mgwirizano, ndiponso kuti zonse pamodzi zikwana zingati. Ndipo usakopeke n’kupempha miyezi yambirimbiri mpaka ngongole ikalowe mu Januwale wina, chifukwa udzagweranso m’dzenje lomweli.

Ukatumiza, dikira masiku atatu kenaka imba foni kapena pita kunthambi. Akakuuza pakamwa kuti “zatheka,” thokoza mwaulemu, koma pempha kalata ndi ndandanda watsopano wa kabwezedwe. Ngati sanalembe, mgwirizano wakale ukugwirabe ntchito, ndipo chikole chako chija chili pangozi. Podikira yankho, lipira chilichonse chimene ungathe ndipo usunge malisiti.

Khala pansi lero lomwe ulembe imeloyo, mwana wanga, usadikire kuti akuimbire ndi iwo.